Kuika chithunzi m'chozungulira osadula kalikonse: mmene Clipping Mask imagwirira ntchito

Funso ili limabwerabwera kwa amene akuphunzira kupanga mafulaya ndi makadi a ukwati: "Ndingaike bwanji nkhope ya munthu m'kati mwa chozungulira?" Ambiri amatenga chofufutira n'kuyamba kuseteka m'mbali mwa chithunzi, kapena amasankha zotsala zonse n'kudina Delete. Tsiku limenelo ntchito imaoneka bwino. Mawa lake mwini fulaya akanena kuti duku la mayi ladulidwa pamwamba, mulitsitse pang'ono kuti lioneke lonse, mupeza kuti dukulo kulibenso. Munalifufuta, ndipo muyenera kuyambiranso.

Njira yopewera zimenezi imatchedwa Clipping Mask. Ndilongosola pogwiritsa ntchito Photoshop, koma amene mulibe pulogalamuyi mutha kutsatira zomwezi mu Photopea, yomwe imatseguka pa intaneti ndipo mabatani ake amafanana kwambiri ndi a Photoshop.

Guluu ndi mchenga

Chithunzi chimene mukupanga mu Photoshop chimakhala ndi mapepala osanjikizana, lina pamwamba pa linzake. Lililonse la mapepalawa timalitcha leya, ndipo onse amaoneka pa mndandanda wa m'bokosi lolembedwa Layers. Leya imene ili pamwamba pa mndandanda ndiyo imaphimba zapansi pake. Leya ikhoza kukhala yodzaza ponseponse, ngati chithunzi chochokera m'foni, kapena ikhoza kukhala ndi kanthu pakati pokha, kwina konse kuli kopanda kalikonse. Malo opanda kanthuwo pulogalamu imawaonetsa ndi timabokosi toyera ndi totuwa tosinthanasinthana ngati bolodi la dirafuti.

Tsono ganizirani mwana amene walemba dzina lake papepala ndi guluu, kenako n'kuwazapo mchenga. Mchenga umagwira pomwe pali guluu pokha. Pamene anapaka wambiri umagwira wambiri, pamene anangopaka pang'ono umagwira mwa apo ndi apo, ndipo pouma sugwira n'komwe. Guluuyo akhale woyera kapena wachikasu, mchenga sulabadira.

Clipping Mask imachita chimodzimodzi ndi maleya awiri. Leya ya pansi ndiye guluu, ndipo m'malangizo ano ndiziitcha tsinde. Leya ya pamwamba ndiye mchenga. Ya pamwambayo imaoneka pokhapo pamene tsinde lili ndi kanthu. Kusiyana kwake n'kumodzi: mchenga wotsala umakutumulidwa n'kutayika, pamene pano mbali zotsala za chithunzi zimakhalabe pomwepo, pulogalamu imangoleka kuzionetsa. Nthawi iliyonse ikamajambula sikirini imayang'ana kadontho kalikonse ka chithunzi, kamene timakatcha pikiselo, n'kuona ngati pansi pake pa tsinde pali kanthu. Ngati palipo, imakaonetsa. Ngati palibe, imakadumpha. Kadonthoko sikakhudzidwa.

Ntchito yake

Tiyerekeze kuti mukupanga fulaya ya kwaya imene ikukhazikitsa chimbale, ndipo akufuna nkhope ya mayi wotsogolera nyimbo ikhale pakati, m'chozungulira. Akutumizirani chithunzi cha pa foni cha mapikiselo 3000 m'lifupi ndi 4000 m'litali. Mayiwo aima pafupi ndi khoma la tchalitchi, ndipo kumanzere kwawo kukuoneka phewa la munthu wina.

1. Tsegulani fayilo yatsopano ndi File > New. Pa Width lembani 1080, pa Height 1350, muyezo ukhale Pixels. Leya yoyamba idzakhala Background. Ipakeni mtundu umene mukufuna kumbuyo kwa fulaya, tinene wobiriwira, ndipo muisiye choncho.

2. Pangani tsinde. Sankhani Ellipse Tool, yomwe imakhala pamodzi ndi Rectangle Tool, ndipo pamzere wa pamwamba onetsetsani kuti pasankhidwa Shape. M'malo mokoka ndi dzanja, dinani kamodzi pa fulaya. Patuluka kabokosi kofunsa Width ndi Height. Lembani 700 ponse pawiri n'kudina OK. Mwapeza chozungulira chenicheni, osati chonga dzira. Pa Fill sankhani mtundu wowala kwambiri umene mulibe m'chithunzicho, monga pinki. Chifukwa chake muchiona pa sitepe 6. Stroke, womwe ndi mzere wa m'mphepete, muisiye yopanda kanthu.

Chozungulirachi chiyenera kukhala pa leya yakeyake. Mukachijambula ndi burashi pa Background pomwepo, ndiye kuti chasakanikirana ndi mtundu wobiriwira uja kukhala pepala limodzi lodzaza, ndipo palibe chimene chidzabisike. Ellipse Tool ikakhala pa Shape imadzipangira yokha leya yatsopano, n'chifukwa chake ndiyo yabwino kuyambira.

3. Lowetsani chithunzi ndi File > Place Embedded, kenako dinani Enter. Chikalowa motere chimakhala Smart Object, kutanthauza kuti pulogalamu imasunga chithunzi choyambirira cha 3000 ndi 4000 chija m'kati mwa leya. Mutha kuchichepetsa lero n'kuchikulitsanso mawa osaphwanyika, bola musapyole kukula kwake koyambako. Chithunzi chongomata wamba mukachichepetsa n'kuchikulitsanso chimachita chimbuuzi.

4. Yang'anani m'bokosi la Layers. Chithunzi cha mayi chikhale pamwamba penipeni pa chozungulira, popanda leya ina pakati pawo. Kuchokera pamwamba kutsika pansi muone chithunzi, chozungulira, kenako Background. Panopa chithunzi chaphimba chozungulira chonse ndipo pinki uja sakuoneka. Zili bwino, musachisunthe.

Apa ndi pomwe ambiri amasokoneza, chifukwa maganizo amawauza kuti chobisa chiyenera kukhala pamwamba pa chobisidwa, ngati chivundikiro pa poto. Kumbukirani guluu uja. Amayamba ndi guluu, mchenga umabwera pamwamba.

5. Dinani leya ya chithunzi kuti isankhidwe, kenako pitani pa Layer > Create Clipping Mask. Chidule chake pa kiyibodi ndi ichi:

```
Windows: Alt + Ctrl + G
Mac:     Option + Command + G
```

Njira ina ndi kugwira Alt n'kuika mausi pamzere wolekanitsa maleya awiriwo m'bokosi la Layers. Kachizindikiro ka mausi kakasintha, dinani.

Zikatheka muona zinthu zitatu. Pa fulaya, chithunzi chatsala m'chozungulira mokha. M'bokosi la Layers, leya ya chithunzi yalowa m'kati pang'ono ndipo kumanzere kwake kwabwera kamuvi kopindika koloza pansi. Dzina la tsinde nalo ladulidwa mzere kunsi. Ngati m'malo mwake mwaona kachikwatu kolembedwa Group 1, mwadina Ctrl + G osagwira Alt. Dinani Ctrl + Z mubwerezenso.

Onaninso kachithunzi kakang'ono kamene kali pambali pa dzina la leya. Mayi, khoma ndi phewa lija zonse zikuonekabe m'menemo. Umenewo ndiwo umboni woti simunataye kalikonse.

6. Konzani kakhalidwe ka nkhope. Leya ya chithunzi ikadali yosankhidwa, dinani Ctrl + T. Bokosi limene litazungulire chithunzi likhala lalikulu kuposa chozungulira, chifukwa likuzungulira chithunzi chonse, chooneka ndi chobisika chomwe. Ngati ngodya zake zatuluka kunja kwa sikirini, dinani Ctrl + 0 kuti zonse zikwane. Kokani pa ngodya, osati pakati pa mbali, ndipo muziyang'ana nkhope kuti isaphwatalale. Photoshop yatsopano imasunga yokha kakulidwe koyenera mukakoka pa ngodya, pamene yakale imafuna kuti mugwire Shift. Kokerani chithunzi kumbali kumene kuli phewa la munthu uja mpaka phewalo litatulukira kunja kwa chozungulira, musiye kampata pakati pa duku ndi m'mphepete, kenako dinani Enter.

Pali malire amene simungapyole. Chozungulira ndi cha 700, choncho mbali yaifupi ya chithunzi isachepere 700. Ikachepera, kapena mukakoka chithunzi mopitirira kumbali imodzi, chimasiya gawo la tsinde poyera. Pinki uja ndiye mlonda wanu pamenepa: mukaona kachigamba ka pinki konga mwezi watsopano m'mphepete, dziwani kuti chithunzi sichinafike pamenepo. Tsinde likanakhala lakuda, ndipo mayi ali ndi tsitsi lakuda, kampata kameneko mukanakazindikira fulaya itatumizidwa kale.

7. Pofuna kusuntha, dziwani chimene mukusuntha. Mukasankha leya ya chithunzi n'kukoka ndi Move Tool, chozungulira chimakhala pomwepo, nkhope ndiyo imayenda m'kati mwake. Mukasankha tsinde n'kukoka, chithunzi chimakhala pomwepo, chozungulira ndicho chimayenda n'kuyamba kuonetsa khoma ndi phewa lija. Kuti ziyendere limodzi, gwirani Ctrl n'kudina maleya onse awiri, kenako kokani. Ngati muzizisuntha kawirikawiri, zimangeni ndi kachizindikiro ka unyolo ka Link layers kamene kali kunsi kwa bokosi la Layers. Ndi bwinonso kuchotsa chongera pa Auto-Select pamzere wa pamwamba, kuti pulogalamu isamakusankhireni leya yokha mukadina pa fulaya.

Pamene ambiri amakakamira: tsinde looneka lopanda kanthu, chonsecho n'lodzaza

Ndi chozungulira chimene mwadzipangira nokha, zonsezi zimayenda bwino. Mavuto amayamba pamene tsinde lachokera kwina. Tinene kuti a kwaya atumizanso chizindikiro chawo, nkhunda yakuda pamalo oyera, ndipo akufuna kuti chithunzi cha dzuwa likulowa chidzaze m'nkhundamo. Mwaika nkhunda pansi, dzuwa pamwamba, mwadina chidule chija, kamuvi kabwera. Koma pa fulaya mukuona dzuwa ladzaza bokosi lonse la ngodya zinayi, nkhunda yasowa.

Simunalakwitse sitepe iliyonse. Vuto lili pa kuyera kuja. Kwa maso athu kuyera ndi pepala losalembedwa, koma kwa pulogalamu ndi penti ngati wina aliyense. Mapikiselo oyera ozungulira nkhunda ndi odzaza mofanana ndi akuda a nkhundayo, ndiye guluu wapakidwa pa bokosi lonse. Fayilo ya JPEG siitha kusunga malo opanda kanthu. Chilichonse chobwera ngati JPEG n'chodzaza kuchokera ngodya mpaka ngodya. PNG imatha kusunga malo otere, koma si PNG iliyonse imene ili nawo. Zilipo zambiri pa intaneti zomwe timabokosi ta dirafuti tija tinachita kujambulidwa ngati gawo la chithunzi, ndipo nazonso n'zodzaza.

Chimene chimasokoneza anthu kwambiri ndi chakuti pali masiki ina, yotchedwa Layer Mask, imene imayendera mtundu. M'menemo choyera chimaonetsa, chakuda chimabisa, chotuwa chimaonetsa pang'ono. Munthu amene anaphunzira imeneyo poyamba amayembekezera kuti nkhunda yakuda ndi malo oyera zichitanso chimodzimodzi pano. Sizichita. Clipping Mask siyang'ana kuti pikiselo ndi yakuda kapena yoyera, imangoyang'ana kuti yadzaza motani.

Musanataye nthawi, yesani tsinde lanu motere. Gwirani Ctrl n'kudina pa kachithunzi kakang'ono ka leya ya tsinde, osati pa dzina lake. Pa fulaya pabwera timizere toyendayenda ngati nyerere, tozungulira paliponse pamene leya ili ndi kanthu. Nyerere zikatsata mapiko ndi mchira wa nkhunda, tsinde lili bwino. Zikazungulira bokosi la ngodya zinayi, kuyera kuja n'kodzaza. Mukatha dinani Ctrl + D kuti nyerere zichoke.

Kukonza kwake kuli motere, ndipo nakonso sikufuna kufufuta:

1. Bisani kaye leya ya dzuwa podina kadiso kake, kuti nkhunda ioneke. Sankhani leya ya nkhunda.

2. Tengani Magic Wand Tool. Tolerance muisiye pa 32, pomwe imakhala kale. Chotsani chongera pa Contiguous ndi pa Sample All Layers.

3. Dinani pamalo oyera. Chifukwa Contiguous mwaichotsa, pasankhidwa kuyera konse, kuphatikizapo kotsekeredwa m'kati, monga diso la nkhunda kapena m'mimba mwa zilembo O ndi A ngati chizindikirocho chili ndi mawu. Mukaisiya Contiguous, timalo ta m'katito timatsala todzaza, ndipo zilembo zimatuluka zotsekeka ngati madontho.

4. Pitani pa Select > Inverse. Tsopano chosankhidwa ndi nkhunda, osati kuyera.

5. Dinani batani la Add layer mask kunsi kwa bokosi la Layers, lomwe limaoneka ngati bokosi lokhala ndi kachozungulira pakati. Kuyera kwabisika, ndipo pa leya imeneyo mwatsala nkhunda yokha yooneka.

6. Bwezerani kadiso ka dzuwa. Tsopano ladzaza m'nkhunda mokha.

Apa masiki awiriwo akugwirizana. Layer Mask yabisa kuyera pa tsinde, ndipo Clipping Mask imatenga chimene chatsala chooneka pa tsindelo ngati guluu wake. Mukaona m'mphepete mwa nkhunda muli mano ngati a sowo, chifukwa chake kawirikawiri n'chakuti chizindikirocho chinabwera chaching'ono kapena chinafinyidwa potumiza. Pemphani fayilo yoyambirira kwa amene anachipanga, chifukwa palibe masiki imene ingabwezeretse zomwe fayilo ilibe.

Kudzaza kwa theka

Pakati pa kudzaza ndi kusowa kanthu pali masitepe ambiri, ndipo chithunzi cha pamwamba chimawatsata onse. Pamene tsinde ladzaza 100%, chithunzi chimaoneka chonse. Pamene ladzaza 50%, chimaoneka theka, ndipo mtundu wobiriwira wa kumbuyo umaonekera m'kati mwake. N'chifukwa chake tsinde lojambulidwa ndi burashi yofewa limapereka chithunzi chozilala pang'onopang'ono m'mphepete. Pa chozungulira chathu chija mungapeze zomwezo posankha tsinde, kupita m'bokosi la Properties, mbali ya Masks, n'kukweza Feather kufika pa mapikiselo 20 kapena 30. Mukafuna m'mphepete mwakuthwa, bwezani pa 0.

Samalani ndi Opacity, muyezo wa mmene leya ikuonekera mwamphamvu kapena mozilala, chifukwa zotsatira zake zimadalira leya imene mwachepetsa. Mukachepetsa Opacity ya tsinde kufika pa 60%, zonse zimazilala pamodzi, tsinde ndi chithunzi chomwe, ndipo chimene chimaonekera ndi kumbuyo kobiriwira. Koma mukachepetsa Opacity ya chithunzi kufika pa 60%, chimene chimatulukira ndi mtundu wa tsinde, ndipo nkhope ya mayi imasanduka ya pinki. Apa pokha ndi pamene mtundu wa tsinde umakhala ndi ntchito. Sulamula pamene chithunzi chionekere, koma umaonekera paliponse pamene chithunzi sichinaphimbe mokwanira. Ena amachita izi dala: tsinde lakuda pansi pa chithunzi cha 70% limachidetsa pang'ono kuti mawu oyera olembedwa pamwamba awerengeke.

Mphete, mthunzi ndi kuwalitsa nkhope

A kwaya akafuna mphete yagolide kuzungulira chithunzi, ikani Stroke pa tsinde kudzera pa Layer > Layer Style > Stroke, Size ikhale mapikiselo 10 kapena 12. Mukaiika pa leya ya chithunzi, imakazungulira m'mphepete mwenimweni mwa chithunzicho, kunja kobisika kuja, ndipo simuiona. Drop Shadow nayonso imapita pa tsinde. Mthunzi umagwera kunja kwa chozungulira, koma chithunzi sichifalikira pamthunzipo, chifukwa mthunzi suwerengedwa ngati gawo la guluu.

Pali chimodzi chimene chimazunguza mutu. Tsinde likakhala ndi Color Overlay kapena Gradient Overlay, mtundu umenewo umakhala pamwamba pa chithunzi n'kuchiphimba, ngakhale kamuvi kalipo ndipo maleya asanjidwa bwino. Izi zimachitika kawirikawiri pa mafayilo okonzedwa kale amene anthu amatenga pa intaneti. Yang'anani kunsi kwa dzina la tsinde, pa mawu akuti Effects, ndipo muzimitse kadiso ka Overlay imeneyo.

Tsinde limodzi limatha kunyamula maleya angapo, bola akhale otsatizana, aliyense ndi kamuvi kake. Phindu lake lalikulu limaoneka pokonza kuwala. Tinene kuti nkhope ya mayi yada chifukwa anajambulidwa pamthunzi. Mukawonjezera leya ya Brightness/Contrast kapena Curves pamwamba pa chithunzi, imawalitsa chilichonse cha pansi pake, kumbuyo kobiriwira komwe. Isankheni n'kudina chidule chija kuti nayo ipeze kamuvi, ndipo iyamba kugwira ntchito m'chozungulira mokha. Dziwaninso kuti leya yatsopano imene mwaipanga pakati pa tsinde ndi chithunzi imalowa yokha m'gululo. Mukalemba mawu kenako n'kuona kuti akungooneka m'chozungulira mokha, yang'anani ngati sanatenge kamuvi, ndipo muwakokere pamwamba pa gulu lonse.

Chikwatu cha maleya, chija chotchedwa Group, chikhoza kukhala tsinde kuyambira pa Photoshop CS6. Koma chikwatu sichingamangiriridwe pa tsinde monga leya ya pamwamba. Mukafuna zimenezo, chisandutseni kaye kukhala leya imodzi ndi Convert to Smart Object.

Mawu ngati tsinde

Zilembo zolembedwa ndi Type Tool zimakhala kale pa leya yawo, zozunguliridwa ndi malo opanda kanthu, ndiye ndi tsinde labwino lopanda chokonza. Lembani dzina la kwaya, ikani chithunzi cha nsalu ya yunifolomu yawo pamwamba pake, dinani chidule. Maluwa a nsaluyo adzaza m'zilembo. Sankhani zilembo zonenepa monga Impact kapena Arial Black ndipo zikhale zazikulu, chifukwa m'zilembo zowonda simukwana kanthu kozindikirika. Chithunzinso chisafanane mtundu ndi kumbuyo, apo ayi dzina siliwerengeka. Mawu amakhalabe osinthika. Akakuuzani kuti mwaphonya chilembo, dinani kawiri pa T wa leya imeneyo, konzani, ndipo nsalu idzatsata zilembo zatsopanozo yokha. Dzina likatalika kupyola chithunzi, zilembo za kumapeto zidzaoneka ndi mtundu wawo wakale, ndiye kulitsani chithunzi chiziphimbe zonse.

Zikakanika

Chithunzi chikasoweratu mutangodina chidule, pali zifukwa zitatu zoyamba kuziyang'ana. Mwina leya ya pansi pake ilibe kanthu, monga leya yatsopano imene simunajambulepo. Mwina kadiso ka tsinde n'kozimitsa, ndipo tsinde likabisika zonse zomangiriridwa pa ilo zimabisika nalo. Kapena chithunzi ndi tsinde sizikukumana, china chili kumanzere kwa fulaya china kumanja. Ctrl + T ikuonetsani pamene chithunzi chili.

Chikapanda kusintha n'komwe, kamuvi kalipo koma chonse chikuonekabe, ndiye kuti mwachimangirira pa leya yodzaza. Kawirikawiri imakhala Background, chifukwa chozungulira chili pamwamba pa chithunzi m'malo mokhala pansi pake.

Create Clipping Mask ikakhala yotuwa yosadinika, mwasankha leya ya pansi penipeni, yomwe ilibe china kunsi kwake, kapena mwasankha chikwatu.

Pamene zobisika zimatayikadi

Kuti mumasule chithunzi, sankhani leya yake n'kudinanso chidule chomwe chija, kapena Layer > Release Clipping Mask. Chonse chimabwerera mmene chinalili. Koma izi zimatheka maleya akadali osiyana. Mukawaphatikiza ndi Ctrl + E, kapena mukadina Flatten Image, pulogalamu imasunga zooneka zokha, zobisika n'kutayidwa. Mukasunga fayilo n'kuitseka zitatero, palibenso pobwerera.

Choncho sungani mafayilo awiri. Yoyamba ndi ya PSD, imene imasunga maleya, timivi ndi mbali zonse zobisika, ndipo ndiyo mudzatsegule a kwaya akadzapempha kusintha. Yachiwiri ndi yotumiza, yochokera pa File > Export > Export As. Pa fulaya yonse JPEG ikwanira. Ngati mukufuna chozungulira chokha kuti mukachiike pena, zimitsani kadiso ka Background, sankhani PNG ndipo muonetsetse kuti pa Transparency pali chongera. Mukachitulutsa ngati JPEG, malo opanda kanthu aja adzadzazidwa, kawirikawiri ndi kuyera, ndipo mudzakhala mwadzipangira nokha bokosi longa la nkhunda lija.

Kusatayika kwa zobisikaku kuli ndi mbali ina yofunika kuisamala. Aliyense amene mwamupatsa fayilo ya PSD akhoza kumasula masiki n'kuona chithunzi chonse. Ngati chimene mwabisa ndi nkhope ya munthu amene sanavomere kuoneka, nambala ya galimoto kapena chikalata cha wina, musatumize PSD. Tumizani JPEG kapena PNG, momwe mbali zimenezo mulibedi. Pa chifukwa chomwecho fayilo ya PSD sichepa mukabisa gawo la chithunzi, imanyamulabe mapikiselo onse 3000 ndi 4000 aja.

M'mapulogalamu ena

Mu Photopea lamulo lili pa Layer > Clipping Mask, chidule n'chomwecho, ndipo imasunganso PSD. Pa foni, ibisPaint ili ndi batani la Clipping pa mndandanda wa maleya, ndipo kasanjidwe n'kamodzimodzi: tsinde pansi, chithunzi pamwamba. Mu Krita mumaika maleya onse awiri m'chikwatu chimodzi n'kuyatsa Inherit Alpha pa leya ya pamwamba. Popanda chikwatu imatengera maleya onse a pansi pake, kuphatikizapo kumbuyo kodzaza kuja, ndipo simuona kusintha. GIMP ilibe lamulo la dzina limeneli, koma kuyambira pa 2.10 mumapeza zomwezo poika maleya awiriwo m'chikwatu n'kusintha Composite Mode ya leya ya pamwamba kukhala Clip to backdrop.

Illustrator ndiyo imatembenuza zinthu. M'menemo chozungulira chimakhala pamwamba, chithunzi pansi, mumasankha zonse ziwiri n'kupita pa Object > Clipping Mask > Make, kapena Ctrl + 7. Chozunguliracho chimataya mtundu wake n'kutsala ngati malire chabe. Ngati munayambira ku Illustrator ndipo mu Photoshop chithunzi chikukana kulowa, tsitsani chozungulira chikhale pansi pa chithunzi m'bokosi la Layers, kenako sankhani chithunzicho mudinenso Alt + Ctrl + G.